Mabelo atatu a shuga

Tsiku limene ndinayamba ntchito ya umanijala pa holoselo ina ku Limbe, kapitawo wa anyamata okweza katundu anandikokera kuseri kwa mulu wa makatoni a sopo n'kunditsina khutu. "Abwana, muno mavuto ndi ochepa. Koma a Kalaliki ndi a Dalaivala samwerana madzi. Chaka chatha, tsopano alowa chachiwiri." Ndinamuthokoza, mumtima ndikuti imeneyo ndi nkhani ya masana amodzi. Inanditengera miyezi inayi, ndipo theka la nthawiyo ndinkakonza zimene ndinawononga ndekha.

A Kalaliki anali mayi wosunga makiyi a nyumba ya katundu pamodzi ndi makadi a sitoko. A Dalaivala anali bambo wachikulire, woyendetsa imodzi mwa malole athu awiri, imene inkaperekera shuga, mafuta ophikira, sopo ndi mchere m'magolosale a ku Bvumbwe, Thyolo, Luchenza mpaka ku Mulanje. Ntchito zawo zinali zodalirana ngati mphika ndi mafuwa. Lole sikananyamuka a Kalaliki asanatulutse katundu, ndipo buku la a Kalaliki silikanatsekedwa a Dalaivala asanabweze mapepala osainidwa ndi ogula. Komabe anthu awiriwa sankalankhulana. Uthenga unkadzera mwa mnyamata wokweza katundu, ngakhale eni ake ataima moyang'anana pageti: "Kawauze kuti mafuta akupereweza makatoni awiri." Mnyamatayo ankayenda mapazi asanu, n'kubwereza mawu amene onse anali atamva kale.

Ndinachita zimene mabwana ambiri amachita. Ndinawaitanira onse mu ofesi, ndinawauza kuti ndi akuluakulu, kuti ana akuwaonerera, kuti pa mkangano palibe wolungama, ndiye agwirane chanza zithe. Anagwirana chanza, aliyense akuyang'ana kukhoma. Ndinadziona ngati mfumu yodziwa kuweruza. Lolemba lotsatira lole inanyamuka 10 koloko, ndipo a Dalaivala anabwera usiku atalephera kufika m'magolosale atatu.

Mawu akuti "nonse mwalakwa" amakoma m'kamwa mwa bwana chifukwa amamupulumutsa ku ntchito yofufuza. Amaoneka ngati chilungamo popeza agawa mlandu pakati ndi pakati. Koma ngati wina analakwa pang'ono, wina kwambiri, kugawa pakatiko n'kupatsa mphoto wolakwa kwambiriyo. Ndipo ngati wina sanalakwe konse pa chimene chinayambitsa nkhaniyo, mwamulakwira kachiwiri, tsopano inuyo. Tsiku lija ndinagamula mlandu umene sindinaumve. Onse awiri anatuluka akudziwa chinthu chimodzi: bwana watsopanoyu sakufuna kudziwa chimene chinachitika.

Tiyi wa 10 koloko

Cholakwa changa chachiwiri sindinachione n'komwe, chifukwa sichinkaoneka ngati cholakwa. Tebulo la a Kalaliki linali pafupi ndi ofesi yanga. Tiyi wa m'mawa tinkamwera pamodzi, ndipo pakati pa nkhani za mitengo ndi za mvula ankaponyapo kamodzi: "Dzulo mapepala abwera atanyowa mafuta," kapena "Mwaona nthawi imene abwera?" Sankanama. Koma pa mwezi wathunthu ndinamva mbali yawo mwina ka 20, pang'onopang'ono ngati madontho, pamene a Dalaivala anali pa msewu kuyambira m'mawa mpaka usiku. Ndisanazindikire ndinali nditayamba kuwaona ngati munthu wovuta, wosasamala mapepala, wokonda kudandaula. Umboni ndinalibe. Ndinali ndi tiyi basi.

Chodabwitsa n'chakuti a Kalaliki nawonso ankakhulupirira kuti ndili mbali ya a Dalaivala. Chifukwa chake: ine ndi a Dalaivala tinkapemphera mpingo umodzi, ndipo tsiku lina anationa tikulonjerana m'chinenero cha kumudzi kwathu. Ndiye aliyense anali ndi umboni wake woti bwana ndi wa mnzakeyo.

Zimenezi si zachilendo, ndipo bwana ayenera kuziyembekezera. Mu 1985 akatswiri atatu a maganizo a anthu a ku yunivesite ya Stanford, Robert Vallone, Lee Ross ndi Mark Lepper, anafalitsa zimene anapeza ataonetsa ophunzira nkhani za pa wailesi yakanema zokhudza kuphedwa kwa anthu ku Beirut mu 1982. Ena mwa ophunzirawo anali okonda mbali ya Aisraeli, ena ya Aarabu. Zithunzi ndi mawu zinali zomwezo, koma gulu lililonse linatuluka likunena kuti atolankhani akondera gulu linalo. Munthu amene ali mkati mwa mkangano amaona kuti mbali yake ndiyo choonadi chenicheni, kotero aliyense wosavomereza mbaliyo yonse amaoneka ngati wapatukira kwa mdani. Phunziro kwa bwana n'lakuti asayeze chilungamo chake ndi kukondwa kwa okanganawo. Angathe kuchita zonse molungama koma onse awiri n'kumamung'ung'udzira. Chimene angayezere ndi njira imene watsata, ngati angathe kuifotokoza pamaso pa onse awiri osachita manyazi.

Pa njirayo palinso zimene ofufuza anapeza kale. Mu 1975 John Thibaut ndi Laurens Walker, wina katswiri wa maganizo a anthu, wina wa malamulo, anasonyeza kuti anthu amalandira chigamulo mosavuta, ngakhale chowapweteka, ngati anapatsidwa mpata wofotokoza mbali yawo mokwanira. Agogo athu sanadikire buku kuti adziwe zimenezi. Pa bwalo la mfumu wodandaula amalankhula mpaka amalize, woyankha nayenso mpaka amalize, mboni zimafunsidwa, nduna zimaunika, ndipo mfumu imalankhula pomaliza. Ku ukwati mbali iliyonse ili ndi nkhoswe yake. Ife a m'maofesi ndi amene tinaiwala, chifukwa cha changu.

Kumva mofanana

Ndinayambiranso. Tiyi ndinayamba kumwera mu ofesi yanga, ndipo a Kalaliki atayamba za mapepala onyowa ndinawauza mwaulemu kuti, "Mayi, nkhani za a Dalaivala ndizimva Lachinayi, tikakhala pansi bwinobwino. Iwonso ndidzawamva tsiku lomwelo." Anakhumudwa, ndipo kwa sabata ndithu moni wawo unali wouma. Mtengo umenewo bwana ayenera kuulipira.

Lachinayi ndinakumana ndi aliyense payekha, m'chipinda chimodzimodzi, kwa mphindi 45 aliyense, wina m'mawa wina madzulo. Tsiku limodzi n'lofunika, chifukwa mukasiya masiku atatu pakati, womvedwa koyambayo amakhala atafalitsa kale kuti abwana amvetsa, ndipo wachiwiri amabwera atavala zankhondo. Mafunso ndinawalemba pa pepala kuti akhale omwewo: zinayamba liti, chinachitika n'chiyani kwenikweni, analipo ndani, masiku ano chimakulepheretsani ntchito n'chiyani, ndipo mukufuna mnzanuyo asiye kapena ayambe kuchita chiyani. Ndinawauzanso poyamba kuti sinditenga mawu a wina kukatula kwa mnzake, koma kuti ndikamva za kuba kapena za nkhanza sindingazisunge m'thumba. Lonjezo la chinsinsi chonse ndi msampha. Mumadzapezeka mukudziwa chinthu chimene simungachigwiritse ntchito popanda kuswa mawu anu.

Ntchito yaikulu pa kukumana kotere ndi kusandutsa mawu onena za khalidwe kukhala mawu onena za zochitika. A Dalaivala anayamba ndi kuti, "Mayi aja ndi oipa mtima, abwana." Kuipa mtima sindingakufufuze, kulibe tsiku, kulibe mboni. Ndinafunsa kuti anachita chiyani, liti. Anakhala chete pang'ono, kenaka zinatuluka. Miyezi 14 m'mbuyomo, pa ulendo wa ku Mulanje, pepala la katundu linati m'lole muli mabelo 40 a shuga, koma potsitsa anapezeka 37. Belo limodzi limakhala ndi mapaketi 20 a kilogalamu imodzi, ndiye panasowa makilogalamu 60. Bwana wakale sanawafunse kanthu. Anangoona pa malipiro a mwezi umenewo kuti ndalama za mabelo atatu zadulidwa, ndipo pabwalo ponse panamveka kuti a Dalaivala amagulitsa shuga panjira. "Zaka 11 ndikuyendetsa lole, abwana, ndisanatengepo ndi paketi imodzi yomwe. Ana anga anamva kusukulu."

A Kalaliki anayamba ndi kuti, "Bambo aja ndi amwano." Nditafunsa tsiku ndi mawu ake, anayang'ana pansi. Patapita sabata ziwiri chidulireni ndalama zija, a Dalaivala ananena mokweza pageti, pamaso pa anyamata onse, kuti a Kalaliki ntchito anaipeza pa mphasa ya bwana wakale. Anabwerezanso kangapo, komaliza mwezi umene ine ndinafika. Mayiwo anali pabanja, ndipo mawuwo anakafika kwa amuna awo.

Pomaliza ndinawerengera aliyense zimene ndinalemba, kuti akonze pamene ndinamva molakwa. Kachitidwe kakang'ono aka kamagwira ntchito yaikulu. Munthu akamva mawu ake akubwerezedwa molondola m'kamwa mwa bwana, mapewa ake amatsika.

Zimene mapepala ananena

Pambuyo pomva anthu, bwana afunse zinthu zimene zilibe mbali. Mboni za pantchito zimakhala zitasankha kale gulu. Mkangano wa chaka umagawa bwalo lonse, ndipo kwathu anyamata okweza katundu anali a a Dalaivala pamene a mu ofesi anali a a Kalaliki. Koma buku la alonda pageti silinali la munthu. Linkalemba nthawi imene galimoto iliyonse yatuluka. Ndinatenga mwezi umodzi, masiku 26 a ntchito. Lole ya a Dalaivala inatuluka itadutsa 9 koloko masiku 19. Lole inayo, yokwezedwa ndi anyamata omwewo pa khomo lomwelo, inachedwa choncho masiku anayi okha. Nditafunsa kapitawo, anati a Kalaliki amatulutsa katundu wa lole inayo poyamba tsiku lililonse, ngakhale kuti ulendo wake unali waufupi, wa m'tauni momwemo. Palibe lamulo limene ankaswa. Ankangogwiritsa ntchito mpata umene lamulo linasiya, ndipo mikangano yaitali imakhala m'mipata yotereyi.

Kenaka ndinafukula makadi a sitoko a chaka chapitacho. Pa kuwerenga katundu kwa kumapeto kwa mwezi umene shuga anasowa, kadi ya shuga inasonyeza mabelo atatu opitirira. Pambali pake panali mawu akuti zakonzedwa, ndi siginecha ya bwana wakale. Shuga uja sanakwere lole n'komwe. Anawerengedwa molakwa potulutsa, anatsala m'nyumba ya katundu, anapezeka, ndipo palibe anauza a Dalaivala kapena kuwabwezera ndalama zawo. A Kalaliki nditawaonetsa kadiyo sanakane. Anati anauza bwana wakale tsiku lomwelo, iye n'kuyankha kuti azisiye, nkhaniyo inatha kale. Pa nthawiyo n'kuti mawu a pageti aja atanenedwa kale, ndipo mtima wopita kukauza munthu amene wawatukwana analibe.

Apa ndi pamene ndinaona kuti pa mkangano wa anthu awiri panali wachitatu wobisala, ndiye kampani yeniyeniyo. Ndiyo inadula malipiro a munthu osamumva, ndiyo inabisa cholakwa chitapezeka. Mlandu suwola, ndipo bwana watsopano amalowa chokolo pa milandu ya mpando umene wakhalapo. Ndinalembera eni kampani, ndalama za mabelo atatu zinabwezedwa pa malipiro a mwezi wotsatira, ndipo pa msonkhano wa Lolemba ndinanena pamaso pa onse kuti shuga uja sanabedwe, anapezeka m'nyumba ya katundu, ndipo kampani inalakwira a Dalaivala. Mbiri ya munthu ikaipitsidwa pagulu, kuikonzera kuseri kwa chitseko sikukwanira. Sindinatchule dzina la a Kalaliki. Kuwerenga molakwa kamodzi pa mabelo mazanamazana kumachitika kwa aliyense wogwira sitoko.

Milandu iwiri siifafanizana

Chiyeso chachikulu chinabwera apa. Mtima unkandiuza kuti a Dalaivala avutika mokwanira, za mawu aja tingozisiya. Kapitawo nayenso anati, "Abwana, munthu wopsa mtima amalankhula zambiri." Koma kulakwiridwa pa shuga sikupatsa munthu chilolezo chonyoza mayi pa za thupi lake kwa chaka chathunthu. Lamulo la dziko lino loona za kusasiyana pakati pa amuna ndi akazi, la 2013, limaletsa mawu kapena machitidwe okhudza zogonana amene munthu sakuwafuna ndipo angamunyazitse kapena kumuopseza. Ndikanati ndiwerenge kuti shuga ndi mawu zalipirana, ndikanauza akazi onse a pamalopo kuti ulemu wawo ndi ndalama yolipirira ngongole za kampani.

Choncho nkhani iliyonse inayenda payokha, ndi muyeso wake. Funso limene linandithandiza ndi ili: akanachita zimenezi munthu wina amene sali pa mkangano uliwonse, ndikanatani? Wina aliyense wonena mawu otere pageti akanaitanidwa kukayankha mlandu. Wina aliyense wochedwetsa lole mwadala akanachenjezedwa ndi kuuzidwa ndondomeko yoti atsate. Yankho likasintha chifukwa cha dzina la munthu, dziwani kuti mwapatuka.

Lamulo la ntchito la 2000 limathandiza bwana pano kuposa mmene ambiri amaganizira. Gawo 56 limalola chilango monga kalata ya chenjezo, kuimitsa ntchito kwa kanthawi kapena kutsitsa pa udindo, koma limafuna kuti wolemba ntchito achite moyenera, poyang'ana kukula kwa cholakwa, ntchito ya munthuyo, njira imene yatsatidwa ndi mbiri yake ya m'mbuyo. Gawo 57 limati munthu asachotsedwe ntchito popanda chifukwa chomveka, ndiponso asanapatsidwe mpata wodziteteza pa zimene akumunenera. Wochotsedwa mosayenera angakadandaule ku ofesi ya leba ya m'boma lake, ndipo nkhani ikakanika kumeneko imapita ku khoti la nkhani za ntchito, kumene wolemba ntchito ndiye ayenera kusonyeza chifukwa chake ndi kuti anachita mwachilungamo. Bwana wotopa amene amati "ndingochotsa mmodzi kuti kukhale bata" amakaphunzira kumeneko kuti kusagwirizana ndi mnzako pakokha si mlandu.

A Dalaivala analandira kalata yowaitana, yonena mawu amene akuwaganizira, masiku ake, ndi kuti angabwere ndi mnzawo wa pantchito. Mlanduwo sindinauweruze ine. Ndinapempha manijala wa nthambi ina, chifukwa ine ndinali nditamva zakukhosi za onse awiri, ndiponso chifukwa cha mpingo uja. Khoswe akakhala pa mkhate sapheka. Ndikanawapeputsira, a Kalaliki akanati ndi za kutchalitchi, ndikanawalemetsera, ndikanakhala ndikudziyeretsa ndekha pa msana wa munthu. Anavomera kuti ananenadi, ndipo anapatsidwa kalata ya chenjezo. A Kalaliki, atamvedwanso pa nkhani ya kuchedwetsa lole, anachenjezedwa pakamwa, n'kulembedwa mu faelo yawo.

A Dalaivala anabwera mu ofesi kalata ili m'manja. "Abwana, wobedwa ndine, wolandira kalata ndinenso?" Ndinawayankha kuti pa shuga anali olungama, ndipo ndalama ndi dzina lawo zabwezedwa pamaso pa onse; pa mawu aja anali olakwa, ndipo kalatayo ndi ya mawuwo basi. Sanakondwe. Koma sananene kuti sanamvedwe, ndipo anatha kubwereza okha chifukwa cha chigamulocho, ngakhale mokwiya. Kwa ine chimenecho chinali chizindikiro chokwanira.

Kutseka mpata

Zilango sizikanathetsa kanthu tikanasiya ntchito ikuyenda mmene inkayendera. Nditayang'anitsitsa, ndinapeza kuti lole inkakwezedwa katundu a Dalaivala ali ku ofesi kutenga ndalama za dizilo ndi mapepala a ulendo. Pobwera ankapeza tenti yamangidwa kale, n'kusainira katundu amene sanamuwerenge. Dongosolo lotere limapanga adani ngakhale pakati pa anthu obadwa bere limodzi: chikasowa chinthu, mmodzi mwa awiriwo ayenera kukhala wakuba kapena wabodza, ndipo palibe njira yodziwira. Mikangano yambiri imene timaitcha kudana kwa mitima imadya pa malo otere, pamene ntchito ya wina imathera ndipo ya wina imayambira, popanda wonena bwinobwino kuti udindo wasamuka pa mphindi iti.

Tinasintha zinthu zitatu zokha. Ndalama za dizilo zizitengedwa madzulo a dzulo lake. Pokweza katundu onse awiri aziima kumbuyo kwa lole, kapitawo akutchula chiwerengero mokweza, ndipo onse asaine pepala tenti isanamangidwe. Lole ya ulendo wautali iziyamba kukwezedwa, ndipo izituluka pageti isanakwane 7:30. Ndondomekoyi inali ya malole onse awiri ndi madalaivala onse, kuti isaoneke ngati chingwe chomangira munthu mmodzi.

Pamenepo ndi pamene ndinawakhazika pamodzi, patapita miyezi itatu chigwirireni chanza chabodza chija. Kukumana kwa onse awiri kumabwera pambuyo, zofufuza zitatha. Mukayamba nako, mumangowapatsa bwalo la nkhondo ndi woonerera. Sindinawapemphe kuti akhululukirane kapena akondane. Chikhululuko cholamulidwa ndi bwana ndi sewero, ndipo amene amakakamizika kwambiri kusewera ndi wofooka. Ndinapempha zimene kampani ili ndi ufulu wopempha: azilankhulana okha za ntchito popanda kutuma mnyamata, azitchulana maina aulemu, ndipo dandaulo lililonse lizibwera kwa ine tsiku lomwelo, osati pageti. Tinalemba pa tsamba limodzi, onse anasaina, tinapangana kuonananso pakatha sabata ziwiri, kenaka pakatha zisanu ndi imodzi. Pa kuonana kwachiwiri a Kalaliki anadandaula kuti mapepala akubwerabe onyowa mafuta. Zinali zoona. Tinagula kachikwama kapulasitiki.

Pambuyo pa zonsezi, chilungamo cha bwana chimayesedwa pa tinthu ting'onoting'ono timene iye saticheukira koma okanganawo amatiwerenga ngati ndalama. Ndani wapatsidwa ovataimu, ndani waloledwa tchuthi cha Khirisimasi, ngongole ya pakati pa mwezi yavomerezedwa kwa yani, maliro a kwa yani abwana anafikako. Ndinayamba kulemba zonsezi m'kabuku, osati kuti ndizigawe mofanana ngati nyama ya pa ukwati, koma kuti pa chilichonse ndikhale ndi chifukwa chimene ndingachinene mokweza. Ndinaphunziranso kukana mphatso zazing'ono. Nanazi wa ku Mulanje wotsitsidwa m'lole n'kuikidwa pa tebulo langa ndi nanazi chabe, koma maso amene ali pa tebulo loyandikana amaona zina.

Pamene njirayi siigwira

Sikuti chilichonse chooneka ngati mkangano ndi mkangano. Ngati mmodzi ali ndi mphamvu pa mnzake, monga kapitawo ndi mnyamata waganyu, ndipo wamng'onoyo ndiye amene akuonda, akujomba, akuopa kulowa m'chipinda, kuwakhazika pamodzi kuti "akambirane" n'kupereka mbuzi kwa fisi. Pamenepo pafunika kufufuza ndi kuteteza, osati kuyanjanitsa. Chimodzimodzi pakakhala kumenya, kuopseza kapena kufuna chibwenzi mokakamiza. Ndipo mawu akuti "akundilodza" akangomveka, bwana asaseke ndiponso asalole kuti afalikire. Lamulo la za ufiti la 1911, limene likugwirabe ntchito, limati kunenera munthu ufiti ndi mlandu, ndipo tonse tikudziwa kumene mawu otere amathera akatuluka pageti.

Kusamutsa mmodzi nthawi zina ndiyo njira yokhayo yotsala, koma bwalo lonse limawerenga kuti wosamutsidwayo ndiye wagonja. Ngati zafika pamenepo, chifukwa chake chikhale cha ntchito, chinenedwe poyera, ndipo malipiro ndi udindo wa munthuyo zisatsike. Ine ndinaganizapo zopatsa a Dalaivala ulendo wa m'tauni, koma zikanawachotsera alawansi ya ulendo wautali, ndipo chikanakhala chilango chachiwiri chovala malaya a chifundo.

A Kalaliki ndi a Dalaivala sanakhale mabwenzi. Mpaka pamene ndinachoka pa holoselopo, patapita zaka ziwiri, sindinawaonepo akuseka pamodzi, ndipo pa phwando la kumapeto kwa chaka ankakhala m'mbali zosiyana za tenti. Koma m'mawa uliwonse ankaima kumbuyo kwa lole, kapitawo akufuula manambala. Tsiku lina ndikudutsa ndinamva a Dalaivala akuti, "Mayi, apa mwandipatsa 41, pepala likuti 40." A Kalaliki anawerenganso ndi cholembera, n'kuti, "Zoona, bambo. Anyamata, tsitsani limodzi." Belo linatsika, onse anasaina, ndipo alonda analemba m'buku lawo 7:20.